Mpando Umene Unakulira Mwini Wake

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, anagwira ntchito pa positu ya Nsadzo, ofesi yaing'ono ya boma yoyang'anira dera limenelo, zaka zisanu ndi zitatu dzina lake lisanalowe m'buku lililonse la boma. Palibe amene anamulemba ntchitoyo. Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, tinapeza nyumba ya positu ili yopanda denga, mkati mutamera zitsamba. Shefi, mkulu wa positu nthawi imeneyo, anapempha anthu kuti adzathandize kulambula. Mlamu wanga anapita ndi chikwanje chake. M'mawa mwake anapitanso. Anzake atabwerera kuminda, iye ankapitabe, lero kukakonza chitseko, mawa kukaperekeza kalata, mpaka anthu anazolowera kuti ukafika pa positu, munthu woyamba kumuona ndi iyeyo.

Malipiro ake anali a mwayi. Mwezi wina ankamupatsako kangachepe kuchokera pa ndalama za pamsika, mwezi wina ankangomuthokoza. Anali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo chimene chinkawadyetsa chinali khasu la mkaziyo. Koma iye ankavala malaya ochapa tsiku lililonse, cholembera chili m'thumba la pachifuwa, ngakhale kuti ntchito yake yambiri inali ya tsache.

Ine ndinali ku Chifunde, mu sekeretariya, ofesi yaikulu ya distritu. Ndinaphunzirako Chipwitikizi kwa ansembe nkhondo isanafike kwathu, ndiye titabwerera ndinalowa m'boma msanga, ndipo patapita zaka anandiika pa tebulo la mapepala a antchito. Mkazi wanga sanazione zambiri mwa zimenezi. Anamwalira chaka chachiwiri titabwerako. Masiku ake omaliza sanalankhule zambiri, koma za mlongo wakeyo anandiuza kawiri konse: "Mwana uja mudzimuyang'anira. Pakamwa pake pamathamanga kuposa miyendo." Ndinalonjeza.

Kuyang'anira kumene ndinkakutha kunali kumuwerengera zaka. Masiku amenewo munthu sankalowa ntchito ya boma akapyola zaka makumi atatu ndi zisanu. Mlamu wanga anali atakwanitsa makumi atatu ndi zitatu. Ndinkadziwa kuti chitseko chikatsekeka, adzasesa pa positu paja mpaka ukalamba, osalandira za pamwezi, osadzaona penshoni.

Chaka chimenecho madistritu anauzidwa kuti aliyense akonze kwaduru yake, ndiye kuti ndandanda wa malo onse a ntchito amene distritu ikufuna, mtundu ndi mtundu, chiwerengero chake chili pambali. Boma silimulemba munthu chifukwa ndi wakhama. Pamayenera kukhala malo ake pa ndandanda umenewu. Amayi a sekeretariya, amene anali mkulu wa antchito onse a distritu, analembera mashefi a mapositu kuti aliyense afotokoze ntchito zimene zimagwiridwa kwake, kuti tidziwe malo oyenera kupempha.

Shefi wa ku Nsadzo anali watsopano, wochokera kummwera, Chinyanja chake chikuthera pa moni. M'malo molemba, anatumiza mlamu wanga ndi kakalata konena kuti munthu uyu ndiye akudziwa zonse za pano, mumufunse, mulembe, ine ndidzasayina. Mlamu wanga anafika masana, fumbi lili mpaka m'nsidze, naimika njinga pansi pa zenera langa.

"Odi kuno kwa akuluakulu a mapepala!"

"Lowani alamu. Mwasiya bwanji ana?"

"Ana ali bwino, akungokula ngati maungu. Alamu, lero ndabwera kuti mundilembe. Tengani pepala lalikulu, kakang'onoko sikakwana."

Ndinalowetsa pepala m'makina. Iye anakhala pa benchi, nayalula miyendo, nayamba kuwerenga pa zala.

"Choyamba, ndimayang'anira positu."

"Positu yonse?"

"Nanga theka lake ayang'anire ndani? Ndimayang'anira nyumba, mbendera, njinga, anthu obwera. Chachiwiri, ndimasunga mabuku. Chachitatu, ndimalemba anthu. Chachinayi, ndimamasulira milandu. Chachisanu, makalata onse amadzera m'manja muno."

"Kusesa bwanji?"

"Aa, alamu! Munthu akapita kukafunsira mbeta amayamba ndi kunena kuti amaliza mkonono? Kusesako kuli m'kati mwa kuyang'anira."

Ndinaseka. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo ndinkadziwa tanthauzo la chilichonse. Kuyang'anira positu kunali kutsekula m'mawa, kutseka madzulo, kusesa, kukweza mbendera, ndi kupirikitsa mbuzi pakhonde. Kusunga mabuku kunali kuwasunga kwenikweni. Ku Nsadzo chiswe chimadya ngakhale mwendo wa tebulo uli chiimire, ndiye iye anasanja njerwa, naikapo kabati, nathira phulusa pansi, ndipo mwezi uliwonse ankatulutsa mabuku onse a positu n'kuwayanika padzuwa ngati ufa. Kulemba anthu kunali kulemba mayina a amene afika, kuti asakangane za amene wayamba. Kumasulira kunali kuuza shefi zimene wanena munthu wodandaula za mbuzi yake. Makalata ankawanyamula pa njinga.

Koma pepala linkafuna Chipwitikizi, ndipo apa ndi pamene ndinalakwa. Mawu akuti kuyang'anira ali ndi zitseko zingapo m'Chipwitikizi. Pali mawu a mlonda, pali mawu a munthu wosamalira pamalo, pali mawu a kapitawo amene ali ndi anthu pansi pake. Ndinayang'ana mlamu wanga, kolala ya malaya ake yotembenuzidwa ndi kusokedwanso, ndipo zala zanga zinasankha mawu a kapitawo. Pa mabuku ndinalemba kuti amakonza ndi kusamala arikivu ya positu, ndiye kuti mosungira mapepala onse a boma. Pa mayina ndinalemba kuti amalandira anthu ndi kulembetsa nkhani zawo. Pa makalata ndinalemba kuti amayendetsa makalata olowa ndi otuluka. Mumtima ndinkati sindikunama, ndikungomuveka jekete. Ndinaganiza kuti akuluakulu akaona ntchito zolemera chotere adzati malo awa ndi ofunika, tisawasiye.

Nditamuwerengera, mlamu wanga anaimirira.

"Bwerezani pa arikivu paja."

Ndinabwereza.

"Ameneyo ndine?"

"Ndinu."

"Mayo ine! Ndakhala ndikudya ndi munthu wamkulu chonchi mbale imodzi osadziwa. Alamu, mlongo wanga anadziwa kusankha. Nkhope anaphonya, koma mutu anapeza."

Shefi anasayina osasintha kanthu. Pepala linalowa m'gulu la mapepala ena, ndipo patapita masabata kunabwera katswiri wochokera ku Tete kudzathandiza amayi a sekeretariya kukonza ndandanda. Ine pa msonkhano wawo sindinakhalepo. Ndinkangowapititsira mafayilo. Anali ndi buku limene tinkalitcha kwalifikadori. M'buku limenelo mtundu uliwonse wa ntchito ya boma, umene timati karera, uli ndi tsamba lake: ntchito zimene munthu wa karera imeneyo amagwira, ndi maphunziro amene ayenera kukhala nawo kuti alowe. Malipiro amatsata karera, satsata thukuta. Iwo ankatenga zimene mapositu alemba, n'kumafanizira ndi masamba a bukulo. Bukulo ndinkalidziwa. Linkagona m'kabati yanga. Tsiku lija sindinalitsekule.

Ndandanda unapita ku Tete kukavomerezedwa, unakhalako miyezi, n'kubwerako mvula itayamba. Tinamata tsamba lake pa bolodi la pakhonde. Mwatsoka kapena mwamwayi, mlamu wanga anafika ndi makalata tsiku lomwelo, ndipo anauona ine ndisanauwerenge bwino. Ndinangomva kukuwa panja.

"Alamu! Tulukani! Nsadzo, malo amodzi! Abale inu, ndalowa!"

Anagwira chanza aliyense amene anali pakhonde, ngakhale mayi wina amene anangobwera kudzalembetsa mwana. Mlonda wathu wokalamba anamuvulira chipewa. Ine ndinavala magalasi n'kutsata mzerewo ndi chala. Pa Nsadzo panalidi malo amodzi atsopano. Karera yake inali asistente tekiniku. Ndinapitiriza chala kumanja, kumene kuli timabokosi. Bokosi la malo okhazikitsidwa linali ndi chimodzi. Bokosi la dotadu linali lopanda kanthu.

Ndinavula magalasi, n'kugwira mlamu wanga pamkono. Ndinamukokera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, khalani pansi."

"Munthu wa arikivu sakhala pa muzu."

"Khalanibe."

Ndinamufotokozera monga ndinkafotokozera aliyense. Malo a pa kwaduru ali ngati nkhokwe. Ina yangomangidwa, ilipo, aliyense akuiona, koma mulibe chimanga. Imeneyo ndi malo okhazikitsidwa chabe. Ina yathiridwa chimanga, ndiye kuti boma laika ndalama za malipiro ake mu bajeti ya chaka. Imeneyo ndiyo dotadu. Munthu amalembedwa pa malo a dotadu okha. Enawo amadikira chaka chimene ndalama zidzapezeke, ndipo ndalama zikapezeka zimayamba zapita kwa aphunzitsi ndi anamwino.

"Ndiye tidikira," anatero. "Chimanga chimabwera. Ndadikira zaka zisanu ndi ziwiri."

"Pali chinanso. Nkhokwe imeneyi ndi yaitali. Asistente tekiniku amafuna munthu wa kalasi ya khumi."

Mlamu wanga anamaliza kalasi yachisanu ndi chiwiri ku Zambia, ndipo pepala lake tinalisinthitsa kale kuti lizindikirike kuno. Linali lokwanira bwino pa karera ya ajente de serevisu, ya anthu osesa, olondera ndi otumidwa. Malo amenewo ndiwo Nsadzo inkafuna. Akanakhala otsika mtengo, ndipo mwina akanathiridwa chimanga msanga. Koma pepala langa silinatchule tsache paliponse. Katswiri uja anawerenga za arikivu ndi kuyang'anira, natsekula tsamba loyenera mawu amenewo. Sanalakwe.

Mlamu wanga anatsamira mtengo. Kenako anati:

"Ndiye kuti mpando wanga wandikulira."

"Ndine ndinaukuza."

"Tinaukuza awiri. Ine ndinabweretsa matabwa, inu misomali." Anatola kamtengo nayamba kujambula pansi. "Ndiye akadzabwera wa kalasi ya khumiyo, ine ndidzakhala ndani?"

Mwezi womwewo anali atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Lamlungu lake ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoganiza za mawu amodzi aja. Mkazi wanga anati ndimuyang'anire mlongo wake, ndipo ine, pa mawu omwewo, ndinasankha tanthauzo lolakwika. Sindine munthu wofulumira kuweruza ena, koma sabata imeneyo ndinadziweruza mokwanira. Lolemba m'mawa ndinagogoda pa chitseko cha amayi a sekeretariya.

Anali mayi wa ku Angonia, wamfupi, wosakonda mawu ambiri, ndipo tikakhala awiri tinkalankhula Chinyanja. Ndinawauza zonse, kuyambira pa benchi mpaka pa mtengo wa mango. Anandimvetsera akuzunguza cholembera. Nditafika pa mabuku oyanikidwa padzuwa, anaika cholembera pansi, naphimba pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Bambo, mukuti arikivu ija ndi phulusa ndi njerwa?"

"Ndi dzuwa, mayi."

"Ine ndinauza katswiri uja kuti ku Nsadzo kuli munthu wodziwa ntchito kuposa ife tonse!" Anapukuta misozi, kenako nkhope inabwerera m'malo. "Mwalakwa, mukudziwa. Pepala lija silifotokoza munthu, limafotokoza ntchito. Mukalikometsa chifukwa cha munthu, mumapeza malo a munthu wina."

"Ndaona, mayi. Sitingalembe kalata kuti akonze?"

"Kwaduru yavomerezedwa. Kuti isinthe, iyenera kuyenda njira yonse imene inayenda, ndipo sangatitsekulire chifukwa cha mzere umodzi. Pofika nthawi yoikonzanso, mlamu wanuyo adzakhala ndi imvi. Komanso ndisakunamizeni, malo amenewo Nsadzo idzawafuna ndithu. Anthu akuchuluka. Bodza lanu langofika msanga."

"Silinali bodza lenileni, mayi."

"Mukaulule kwa abambo mfumu, akakuuzeni ngati linali lenileni."

Anatenga ndandanda nauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika chala pa mzere wa ajente de serevisu wa sekeretariya yathu. Malo onse a dotadu anali ndi anthu. Koma mmodzi mwa anthuwo anali mlonda wathu wokalamba uja, amene mapepala ake opumira ntchito ndinali nditawatumiza ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo.

"Akapuma awa, malo awo atsala ndi ndalama zake," anatero. "Tidzapempha chilolezo chotsekula konkurusu. Mapositu ali pansi pa sekeretariya ino, ndiye wopambana ndikhoza kumutumiza kumene ntchito ikufunika. Pano alonda atsala awiri, atha kusinthana. Koma mvetsani bwino, bambo. Malo amenewa si a mlamu wanu. Konkurusu ndi mpikisano, aliyense woyenera adzalembetsa. Inu simudzakhudza pepala lililonse la nkhani imeneyi, simudzakhala pa gulu la oyesa, ngakhale kuwapititsira madzi. Akagwa, wagwa."

"Ndavomera, mayi."

"Ndipo mumuuze kuti akadzafunsidwa, adzanene ntchito imene amagwira. M'mawu ake ang'onoang'ono."

Kuyambira pamenepo mlamu wanga anayamba kukonda mlonda wathu kuposa m'bale wake. Akabwera ndi makalata ankamubweretsera chinangwa, nthawi ina nkhuku.

"Madala, mwatopa inu. Taonani mawondo. Kumudzi kukukufunani."

"Iwe, ndinalondera nyumba ino mfuti zikulira. Ndidzachoka pepala likadzabwera, osati chifukwa cha chinangwa chako chowawachi."

"Ndiye bwezani."

"Ndadya kale."

Pepala la mlonda linachedwa. Mvula inatha, anthu anakolola, kunayamba kuzizira. Ine ndinkayang'ana thumba la makalata ochokera ku Tete ngati mlimi woyang'ana mitambo. Linabwera mu Julaye. Chilolezo cha konkurusu chinatenganso miyezi iwiri, chifukwa a zachuma anayenera kutsimikiza kaye kuti ndalama za malowo zilipodi. Chidziwitso chitamatidwa pa bolodi, analembetsa anthu khumi ndi mmodzi pa malo amodzi. Ena anali anyamata a kalasi ya khumi amene anasowa kwina kolowera, wina anachokera ku Cassacatiza komwe, atavala nsapato zonyezimira za kumalire. Mlamu wanga atawaona anandinong'oneza kuti, "Alamu, awa ndiwo eni ake a mpando wanga uja. Akufunanso kachitsa kangaka?"

Mafayilo a konkurusu anasungidwa m'kabati ya mnzanga. Tsiku la mafunso ndinapempha kuti anditume kunja, ndipo ndinakhala kuchipatala tsiku lonse ndikutenga mapepala a anamwino atsopano. Zimene zinachitika m'chipindamo anandiuza pambuyo pake mkulu wa sukulu amene anali mmodzi mwa oyesa atatu, zotsatira zitamatidwa kale.

Akuti mlamu wanga analowa wopanda cholembera m'thumba. Anamufunsa, m'Chipwitikizi, kuti amagwira ntchito yanji.

"Ndimasesa," anayankha.

Anadikira kuti apitirize. Iye anangokhala, manja ali pa mawondo.

"Basi?"

"Ndimatsekula chitseko. Madzulo ndimatseka chomwecho."

"Tamva kuti mumayang'anira positu ya Nsadzo."

Akuti apa anadzidzimuka ngati waponda moto, Chipwitikizi n'kumuthawa. "Iyayi, akuluakulu! Amene anakuuzaniyo andilakwira. Sindiyang'anira kanthu ine. Ndimangoona."

"Nanga mabuku a positu?"

"Sindiwadziwa. Ndimangowayanika."

Mmodzi wa oyesawo, mayi wa ku ofesi ya zaulimi, anafunsa kuti kuyanika mabuku n'kutani. Apa ndiye mlamu wanga anaiwala mantha. Anafotokoza za chiswe cha ku Nsadzo, mmene chimamangira njira yake usiku umodzi, chifukwa chake kabati siyenera kugunda khoma, phulusa la mtengo uti limene chiswe chimadana nalo, ndi chifukwa chake buku suliyanika chotsekula masana dzuwa lili pamutu, inki ingafufutike. Anamufunsa zimene angachite atapatsidwa kalata yofulumira mtsinje utadzaza. Anatchula madooko atatu, ndi mwini bwato wa pa lililonse, ndi mmene amakulungira kalata m'pulasitiki n'kuimanga pamutu. Anamufunsa mmene mbendera imapindidwira. Anapempha nsalu ya patebulo n'kuwaonetsa. Mkulu wa sukulu uja anati anyamata a kalasi ya khumi anamuposa pa mayeso olemba, koma pa mafunso a ntchito yeniyeniyo panalibe womuyandikira, ndipo ataphatikiza zonse anatuluka woyamba ndi kachidutswa kakang'ono.

Dzina litamatidwa, mlamu wanga sanakuwe. Anabwera pa zenera langa nafunsa motsitsa mawu:

"Alamu, nkhokwe iyi muli chimanga?"

"Muli."

"Mwasuzumiramo nokha?"

"Ndasuzumiramo."

"Kutalika kwake?"

"Kofika m'chiuno mwanu."

"Ndiye ndikauze mayi a ana?"

"Muwauze kuti kwatsala chidindo chimodzi."

Chidindo chimenecho ndi visitu. Munthu akasankhidwa, mapepala ake amapita ku khoti loona za kayendetsedwe ka boma, kuti likatsimikize kuti malowo alipo pa kwaduru, ndalama zake zilipo, ndipo munthuyo ali ndi zonse zofunika. Popanda visitu sayamba kulandira. Mapepala ena ankabwezedwa chifukwa cha chikalata chimodzi chotha nthawi. Amayi a sekeretariya anawerenga fayilo ya mlamu wanga okha, tsamba ndi tsamba, asanaitumize. Pamene inkanyamuka n'kuti iye atalowa kale m'chaka chake chomaliza.

Miyezi imeneyo ndinapemphera kwambiri, ndipo ndikuvomereza kuti mapemphero ena anali okhudza thumba la makalata. Mlamu wanga anapitiriza kusesa ku Nsadzo monga kale. Akabwera ku Chifunde sankafunsa. Ankangoimika njinga, n'kundiyang'ana, ine n'kupukusa mutu, iye n'kuyamba nkhani ina, ya mbuzi ya shefi kapena ya mwana wake wachiwiri amene ankati akufuna kudzakhala woyendetsa malole a ku Cassacatiza.

Fayilo inabwera mvula yachiwiri ili pakati, envulopu itanyowa ngodya imodzi. Sindinaitsekule. Ndinaipititsa kwa amayi a sekeretariya, n'kuima pakhomo. Anaitsekula, nawerenga, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwaima ngati mwabwera kudzapempha mchere. Pitani mukatumize uthenga ku Nsadzo. Abwere adzalumbire, avale malaya abwino."

Analowa pa sitepe yoyamba ya karera yake, pansi penipeni, ndipo zaka ziwiri zoyamba zinali zoyesedwa asanakhazikitsidwe. Iye zimenezo sizinamuvute. Atasayina, anapempha kuti ndimuwerengere tsamba la ajente de serevisu m'buku lija. Ndinamuwerengera, n'kumamasulira mzere ndi mzere: kusamala ukhondo wa pamalo, kulondera, kunyamula makalata, ndi ntchito zina zofanana nazo.

"Za chiswe sanalembe?"

"Zili mu ntchito zina zofanana nazo."

"Hm. Buku lonseli, chiswe osachitchula. Olemba ake sanafike ku Nsadzo."

Loweruka lotsatira tinapita limodzi kumanda kukalambula pa mlongo wake, popeza udzu unali utakula. Pomaliza iye anatsamira khasu nati, "Achemwali, amuna anu aja anatsala pang'ono kundikweza mpaka kundigwetsa. Koma ndalowa."

Malo aakulu aja anakhala opanda chimanga zaka zinayi. Chaka chilichonse pokonza bajeti tinkawapempha, chaka chilichonse ankatsala. Mu sekeretariya monse ankadziwika kuti mpando wa alamu, ndipo wantchito watsopano aliyense ankauzidwa nkhani yake tsiku loyamba, ine ndili pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo, munthu akabwera kudzafotokoza ntchito yake n'kunena kuti amayang'anira, ndinkachotsa manja pa makina n'kumufunsa kuti, "Mukamayang'anirapo, m'manja mumakhala muli chiyani?" Ena ankati makiyi, ena tsache, ena cholembera. Ndikatero ndinkatsekula buku.

Chaka chachisanu ndalama zinapezeka. Konkurusu inatsekulidwa, ndipo anapambana mtsikana wina amene anabadwira ku Malawi makolo ake ali kothawa nkhondo, wa kalasi ya khumi, wodekha. Ndinamuperekeza ndekha ku Nsadzo pa galimoto ya distritu kuti ndikamuonetse kwa shefi. Tinapeza mabuku onse a positu ali pamphasa panja, mlamu wanga akuwatembenuza limodzilimodzi. Atationa anaimirira, napukuta manja, namugwira chanza mtsikanayo ndi manja awiri.

"Takulandirani, mayi. Mpando wanu ndinakupangirani ndine, ndi alamu angawa. Mukaona kuti ukugwedera, olakwa ndi iwo, anali pa misomali."

Mtsikanayo anandiyang'ana, osamvetsa. Ndinamuuza kuti ndidzamufotokozera pobwerera. Kenako mtsikanayo anagwada pamphasa, natsekula buku limodzi lakale, la chaka chimene tinabwerera, masamba ake onse ali athunthu.

"Ndani amayang'anira mabukuwa?" anafunsa.

"Inuyo, mayi, kuyambira lero," anatero mlamu wanga. "Ine ndimangowayanika. Gwirani mbali iyo, mtambo uwo sindikuukhulupirira."